Pulufu ya indakishoni ikuoneka bwinobwino koma mwadulidwa malikisi, muyang'ane pati?

Vuto ili ndimakumana nalo pafupifupi sabata iliyonse ndikamathandiza ana asukulu masamu, makamaka aja angoyamba kumene kukoleji. Munthu walemba pulufu ya indakishoni peji yonse, malayini ali pa mzere bwinobwino, pamapeto wadula mizere iwiri kusonyeza kuti wamaliza, koma pepala likubwera ndi cholembera chofiira ndipo iye sakuona pomwe palakwika. Amawerenga kachiwiri, kachitatu, zonse zikumveka. Chomwe ndaona ine nchakuti kuwerenga kokha sikugwira zolakwika za mtundu umenewu, chifukwa bola muli zilembo za n ndi k maso amangotsetsereka. Mankhwala ake ndi kuchotsa k nkuikapo nambala yeniyeni yaing'ono, 1, kenako 2, kenako 3, nkuyenda nayo layini ndi layini mpaka mutapeza pomwe zakana. Zonse zomwe ndilembe pansipa zikuzungulira pamenepo.

Tikumbutsane kaye zomwe indakishoni imafuna, mwachidule chabe. Muli ndi chiganizo P(n) chomwe mukuti ndi choona pa manambala onse kuyambira penapake. Mukuyenera kuonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, kuti ndi choona pa nambala yoyambirayo, izi nzomwe mkalasi timati besi kesi, ine ndizingoti poyambira. Chachiwiri, kuti ngati chili choona pa k ndiye kuti chikhalanso choona pa k + 1, iyi ndiye sitepe. Ine ndimakonda kuziona ngati anthu aja amaima pa mzere kupatsirana njerwa kuchokera pa uvuni kukafika pomwe akumanga. Poyambira ndi kufunsa kuti kodi munthu woyambayo njerwa ali nayodi m'manja? Sitepe ndi kufunsa kuti kodi aliyense akalandira atha kumufikira mnzake wotsatira? Woyamba akakhala chimanjamanja palibe chifike olo mzere utakhala wabwino chotani, ndipo pakasowa munthu mmodzi pakati njerwa zithera pomwepo.

Sitepe ikuyenda koma yankho ndi labodza

Ambiri poyambira amapaona ngati mwambo chabe, kalayini kamodzi kongolemba kuti a lekichara asangalale. Ndiye taonani ichi. Nditati

1 + 2 + 3 + ... + n = (2n + 1)² / 8

nkuyamba ndi sitepe, ziyenda popanda chovuta chilichonse. Tiyerekeze kuti ndi zoona pa k. Tiwonjezere k + 1 mbali zonse. Kumanja tikhala ndi (2k + 1)²/8 + (k + 1), ndipo tikaziika pansi pa 8 yemweyo pamwamba pakhala 4k² + 4k + 1 + 8k + 8, zomwe ndi 4k² + 12k + 9, ndipo imeneyo ndi (2k + 3)². Ndiye tapeza (2k + 3)²/8, yomwe ndi fomula yomwe ija titaika k + 1 m'malo mwa n. Palibe layini yolakwika olo imodzi, mutha kuchonga ndi kalikuleta mmene mungafunire.

Koma ikani n = 1. Kumanzere kuli 1, kumanja kuli 9/8. Ikani n = 2, kumanzere 3 kumanja 25/8. Fomulayi siili yoona pa nambala ina iliyonse, nthawi zonse imapitirira ndi 1/8, chifukwa yoona ndi n(n + 1)/2 ndipo iyi ndi yomweyo yongowonjezeredwa 1/8. Sitepe siingathe kuona cholakwikacho, ntchito yake ndi kungonyamula chomwe yapatsidwa nkupereka kutsogolo, mukaipatsa chopitirira ndi 1/8 ipereka chopitirira ndi 1/8 mpaka kalekale. Malo okhawo omwe bodza ngati ili lingagwidwe ndi poyambira basi.

Ndiye pochonga poyambira musavomere layini yongoti "pa n = 1 ndi zoona". Werengerani mbali yakumanzere payokha, mbali yakumanja payokha, lembani manambala awiriwo muwaone ndi maso kuti akufanana. Ndaonapo mapepala ambiri pomwe munthu waika 1 mu fomula yakumanja, wapeza nambala, nkuikopera kumanzere osawerengera nkomwe. Onetsetsaninso kuti nambala yomwe mwayesayo ndi yomwe funso layambira. Funso likati n ≥ 0 inu nkuyesa n = 1, ndiye kuti 0 mwamusiya panja, sitepe imapita kutsogolo kokha siibwerera kukamutenga.

Poyambira pali bwino, sitepe ikuoneka bwino, koma sizikulumikizana

Apa ndipomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ndi pomwe pamagwa anthu ochenjera omwe. Pepala lina lomwe ndinachonga linali ndi funso lokhudza 2ⁿ ndi n², ndipo mtsikana wina wakhama kwambiri analemba kuti 2ⁿ > n² pa n aliyense kuyambira 1. Pulufu yake inali motere. Pa n = 1, 2 ndi wamkulu kuposa 1, zoona. Tiyerekeze kuti 2ᵏ > k². Ndiye 2ᵏ⁺¹ = 2 · 2ᵏ > 2k². Kenako panali layini yakuti 2k² ≥ (k + 1)², pambali pake atalemba ndi pensulo kuti nzachidziwikire, nkumaliza kuti 2ᵏ⁺¹ > (k + 1)². Anabwera nalo pepalalo atalipinda kanayi, akuti aphunzitsi ndawerenga usiku wonse sindikuona cholakwika.

Ndinamuuza kuti tisakangane, tingotenga k = 1 tiyende naye. 2¹ > 1², zoona. 2² = 2 · 2¹, zoona, ndipo 4 > 2 · 1², zoonanso. Tsopano layini ya pensulo ija: 2k² ndi 2, (k + 1)² ndi 4. Kodi 2 ≥ 4? Anangoti "aaa" nkugwira pakamwa. Tinayesa k = 2, 2k² ndi 8 pomwe (k + 1)² ndi 9, yakananso. Pa k = 3 ndi 18 ndi 16, apa yavomera, pa k = 4 ndi 32 ndi 25, ndipo kuchokera pamenepo imangovomerabe. Ndiye layiniyo si yabodza kotheratu ayi, ndi yoona kuyambira k = 3 kupita mtsogolo, nchifukwa chake imanamiza maso, munthu ukaiganizira ndi manambala akuluakulu ngati 10 kapena 100 umaona kuti nzachidziwikiredi.

Chifukwa chake chimaoneka mukasamutsa zonse mbali imodzi. 2k² − (k + 1)² = k² − 2k − 1, ndipo imeneyi mutha kuilemba kuti (k − 1)² − 2. Kuti isakhale pansi pa ziro pakufunika (k − 1)² afike pa 2 kapena kupitirira, ndipo pa manambala athunthu zimenezi zimayamba k − 1 akafika 2, kutanthauza k = 3. Ndiye chomwe mtsikanayu anali nacho m'manja ndi ichi: poyambira pa 1, ndi sitepe yomwe imayamba kugwira ntchito pa 3. Woyamba njerwa ali nayo, koma wachiwiri palibe, ndipo amene aima kuyambira pachitatu akungodikira.

Funso lotsatira lomwe anafunsa linali labwino, akuti ndiye ndingosintha poyambira pakhale 3? Tinayesa. 2³ ndi 8, 3² ndi 9, chiganizocho pa 3 ndi chabodza. Pa 4 ndi 16 ndi 16, zafanana, ndipo ife tikufuna chachikulu osati chofanana, ndiye chabodzanso. Pa 2 ndi 4 ndi 4, chimodzimodzi. Pa 5 ndipomwe zimatseguka, 32 ndi 25. Apa pali kanthu kena komwe kamasokoneza anthu, nkofunika kukamvetsa. Sitepe yochoka pa 3 kupita pa 4 ndi yolondola ngakhale P(3) ndi P(4) zonse zili zabodza, chifukwa sitepe imangonena kuti "ngati", siilonjeza kuti P(k) ndi yoonadi. Ndiye musamati poti sitepe ikuyenda kuyambira 3 ndiye kuti chiganizo ndi choona kuyambira 3. Poyambira pamafunika nambala yokwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, chiganizo chikhale choona pamenepo komanso sitepe ikhale ikugwira ntchito kuchokera pamenepo mpaka mtsogolo monse. Apa nambala yoyamba yotero ndi 5.

Pulufu yokonzedwa ndiye imakhala motere. Chiganizo: 2ⁿ > n² pa n ≥ 5. Poyambira: 2⁵ = 32, 5² = 25, ndipo 32 > 25. Sitepe: titenge k wina aliyense yemwe ndi 5 kapena kuposa, tiyerekeze kuti 2ᵏ > k². Ndiye 2ᵏ⁺¹ = 2 · 2ᵏ > 2k². Popeza k ≥ 5, (k − 1)² ndi 16 kapena kuposa, ndiye (k − 1)² − 2 > 0, kutanthauza 2k² > (k + 1)². Tikalumikiza, 2ᵏ⁺¹ > (k + 1)². Mwaona kuti mawu akuti "popeza k ≥ 5" alowa mkati mwa sitepe? Pulufu ya chachikulu ndi chaching'ono yomwe ikuyambira pa nambala ngati 4 kapena 5 koma mu sitepe simukutchulidwa paliponse kuti k ndi wamkulu bwanji, ine ndimayamba kuikayikira pomwepo, kawirikawiri pamakhala layini yomwe yangodumphidwa.

Amene muli ndi kompyuta kapena foni yoyendetsa Python, musanayambe nkomwe kulemba pulufu mutha kuona pomwe chiganizo chikuyambira kukhala choona ndi timalayini tiwiri:

```python
for n in range(1, 11):
    print(n, 2**n, n**2, 2**n > n**2)
```

Muona `True` pa 1, `False` pa 2, 3 ndi 4, kenako `True` kuyambira 5. Pamanja zimathekanso, ndi mphindi ziwiri zokha. Koma chonde tebulo ngati ili ndi lofufuzira chabe, si pulufu. Pali chitsanzo chodziwika cha n² + n + 41, chomwe chimatulutsa nambala yosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, kuyambira n = 0 mpaka n = 39, maulendo 40 motsatizana osaphonya, koma pa n = 40 chimatulutsa 1681 yemwe ndi 41 × 41. Munthu woyesa manambala 10 kapena 20 nkunena kuti "ndi zina zotero" alibe sitepe, ali ndi poyambira pambirimbiri basi.

Sitepe yopanda fomula, yongofotokoza ndi mawu

Pamene mulibe manambala oti muike mu fomula anthu amaganiza kuti njira yoyesa k waung'ono siigwira, koma imagwira, mumangofunika kujambula kapena kutenga timiyala. Pali pulufu yabodza yotchuka yomwe m'mabuku ambiri amaifotokoza ndi mahatchi, ine ndimaifotokoza ndi mbuzi poti ndi zomwe tonse tinaziwetako kapena kuziona. Chiganizo chake nchakuti m'khola lililonse la mbuzi n, mbuzi zonse ndi za mtundu umodzi. Tonse tikudziwa kuti ndi bodza, ntchito ndi kupeza pomwe bodzalo lalowera.

Poyambira: khola la mbuzi imodzi, ndi zoona, ilibe inzake yosiyana nayo. Sitepe: tiyerekeze kuti gulu lililonse la mbuzi k limakhala la mtundu umodzi, ndipo tili ndi khola la mbuzi k + 1. Titulutse imodzi, zatsala k, zonse ndi zofanana. Tiibweze, titulutse ina, zatsalanso k, zonse ndi zofanana. Tsopano mbuzi zomwe sizinatuluke maulendo onse awiri zili m'magulu onse awiri, ndiye yotuluka koyamba ikufanana nazo, yotuluka kachiwiri ikufanananso nazo, choncho zonse k + 1 ndi mtundu umodzi.

Mukaiganizira ndi mbuzi 10 mulibe cholakwika, ndipo nzoonadi kuti mulibe. Koma poyambira pathu ndi 1, ndiye sitepe yoyamba yomwe tikuyenera kuponda ndi k = 1, kuchoka pa mbuzi imodzi kupita pa ziwiri. Tengani timiyala tiwiri, koyera ndi kakuda. Chotsani koyera, katsala kakuda kokha, gulu la mtundu umodzi. Bwezani, chotsani kakuda, katsala koyera kokha. Nanga zija "sizinatuluke maulendo onse awiri" zili kuti? Palibe. Chiwerengero chake ndi k + 1 − 2, yomwe ndi k − 1, ndipo pa k = 1 ndi ziro. Mfundo yonse inatsamira pa mbuzi yapakati yomwe pa sitepe yoyambayo kulibe. Matenda ake ndi omwe aja a 2ⁿ, poyambira pali pa 1 koma sitepe ikuyamba kugwira pa 2, ndipo pa 2 chiganizocho ndi chabodza ndiye palibe pokonzera.

Chomwe ndimatengapo apa pochonga mapulufu a mawu nchakuti paliponse pomwe palembedwa kuti "titenge chimodzi mwa zotsalazo" kapena "tisankhe china chosiyana ndi ichi", ndimaima nkufunsa kuti pa k wamng'onong'ono chinthu chimenecho chilipodi? Chimodzimodzi pomwe pagawidwa ndi k − 1, pa k = 1 mwagawa ndi ziro osadziwa.

Sitepe ikubwerera mmbuyo kawiri koma poyambira ndi pamodzi

Ili limabwera kwambiri mu indakishoni ija mumayerekeza kuti chiganizo ndi choona pa manambala onse am'mbuyo osati pa k yekha. Tiyese ndi ndalama. Muli ndi ma K20 ndi ma K50 okhaokha, ochuluka mmene mungafunire, ndipo mukufuna kulipira ndendende popanda chenji. Mitengo yake ikukwera ndi K10, monga K40, K50, K60, K70. Chiganizo choona nchakuti mtengo uliwonse wotere kuyambira K40 utheka.

Sitepe yomwe ambiri amalemba ndi yosavuta: kuti ndilipire mtengo wina, ndibwerere mmbuyo ndi K20, mtengo umenewo ndayerekeza kale kuti umatheka, ndiye ndingowonjezera K20 imodzi. Palibe cholakwika ndi ganizoli. Koma ngati poyambira mwayesa K40 yokha, tayendani nayo muone. K60 ibwerera pa K40, zili bwino. K80 ibwerera pa K60, zili bwino. Nanga K50? Ibwerera pa K30, yomwe ili kunja kwa zomwe mwayerekeza, ndipo K30 ndi ma K20 ndi ma K50 siitheka nkomwe. K70 ikudalira K50, K90 ikudalira K70, ndiye theka lonse la mitengo lili lopanda maziko. Zili ngati mizere ya njerwa ndi iwiri yoima moyandikana, wina wa 40, 60, 80, wina wa 50, 70, 90, inu mwapereka njerwa kwa woyamba wa mzere umodzi wokha. Kukonza kwake ndi kuyesa pawiri, K40 ndi ma K20 awiri, K50 ndi K50 imodzi, kenako nkunena momveka kuti sitepe ikuyamba pa K60.

Ndipo apa si nkhani yongokongoletsa pulufu, chifukwa ndi kulakwitsa komweku munthu atha "kutsimikiza" kuti mtengo uliwonse kuyambira K20 umatheka. Ayesa K20, yatheka, alemba sitepe yomwe ija, wamaliza, chonsecho K30 yabwerera pa K10 yomwe palibe anaiyesa.

Ndiye lamulo lomwe ndimagwiritsa ntchito ndi kuyang'ana kuti sitepe ikutambasula dzanja mpaka pati mmbuyo. Ikagwiritsa P(k) yekha kupeza P(k + 1), poyambira pamodzi pakwana. Ikagwiritsa P(k − 1), kaya payekha kaya pamodzi ndi P(k) ngati mmene zimakhalira ndi manambala a Fibonacci pomwe nambala iliyonse ndi kuphatikiza ziwiri zam'mbuyo, pakufunika pawiri potsatizana. Ikafika pa P(k − 2), patatu. Kuchuluka kwake kumachokera ku sitepe yomwe mwasankha osati ku funso. Pa ndalama pomwepa pali sitepe ina yokwera ndi K10 yokha: ngati mulu wanu uli ndi K50, ichotseni muikepo ma K20 atatu, ngati mulibe K50 ndiye kuti ndi ma K20 okhaokha, chotsani awiri muikepo K50 imodzi. Iyi imakwana ndi poyambira pamodzi pa K40, koma muyenera kulemba chifukwa chake ma K20 awiriwo alipodi, chomwe ndi chakuti mtengo ndi K40 kapena kuposa. Mukaisiya layini imeneyo mwabwerera ku vuto la mbuzi yapakati lija.

Sitepe yomwe yayamba ndi chomwe ikufuna kutsimikiza

Ili ndiye limapweteka chifukwa yankho lomaliza limakhala loona, fomula ndi yoona, koma malikisi apita. Zizindikiro zake ndi ziwiri. China ndi layini yakuti "tiyerekeze kuti ndi zoona pa n aliyense". Mukatero mwayerekeza chinthu chonse chomwe mwafunsidwa, palibenso chotsala choti mutsimikize. Choyenera ndi kutenga k mmodzi, wina aliyense koma mmodzi, wosachepera poyambira, nkuyerekeza pa iye yekhayo.

Chinacho ndi pulufu yomwe layini yoyamba ya sitepe ndi P(k + 1) yathunthu ndi chizindikiro cha = pakati, kenako munthu akuchotsa zinthu mbali zonse mpaka kufika pa 0 = 0 kapena k² = k² nkunena kuti zatheka. Vuto lake nlakuti kuchoka pa bodza utha kufika pa choona. Yambani ndi −1 = 1, chulukitsani mbali iliyonse ndi iyo yomwe, mupeza 1 = 1. Yambani ndi 3 = 7, chulukitsani ndi ziro, mupeza 0 = 0. Kufika pa choona sikukutsimikiza kuti pomwe munachokera panali poona, pokhapokha ngati layini iliyonse ingathe kuyendedwa chobwerera. Pochonga pulufu yotere ndimayambira pansi kukwera mmwamba, nkumafunsa pa layini iliyonse kuti kodi yapamwambayi ikutuluka mu yapansiyi? Pomwe pachitika sikweya, pomwe pachulukitsidwa ndi chinthu chomwe chingakhale ziro, kapena pa zachikulu ndi zazing'ono pomwe pachulukitsidwa ndi nambala yomwe ingakhale pansi pa ziro, pamenepo ndipomwe msewu wobwerera umaduka. Nthawi zambiri ntchito ya mwanayo imapulumuka, amangofunika kuilembanso kuyambira mbali imodzi yokha. Pa 1 + 3 + 5 + ... + (2n − 1) = n² mwachitsanzo, yambani ndi kumanzere kwa k + 1, komwe ndi 1 + 3 + ... + (2k − 1) + (2k + 1), m'malo mwa chigawo choyambacho ikani k² poti ndi chomwe tayerekeza, mupeza k² + 2k + 1, yomwe ndi (k + 1)². Simunalembe paliponse chomwe mukufunacho ngati kuti mwachipeza kale.

Chizolowezi china chomwe ndimawapatsa ana anga nchakuti adule mzere kunsi kwa layini yomwe agwiritsa ntchito P(k), nkulemba pambali kuti apa ndagwiritsa chomwe ndinayerekeza. Ukafufuza peji yonse osapeza poti udule mzere, ndiye kuti china chalakwika, mwina P(k + 1) yalowa mozemba penapake, kapena funsolo silimafuna indakishoni nkomwe.

Layini ndi yoona koma palibe chifukwa chake

Pomaliza pali mtundu wina womwe kuyesa manambala sikungaugwire, chifukwa nambala iliyonse yomwe muyike ivomera. Tengani chiganizo chakuti n³ − n imagawika ndi 6 pa n ≥ 1. Poyambira, 1 − 1 = 0, ndipo 0 amagawika ndi 6 poti ndi 6 × 0, ena amakayika pamenepa koma zili bwino. Mu sitepe mukatambasula mabulaketi mupeza

(k + 1)³ − (k + 1) = (k³ − k) + 3k(k + 1)

Chigawo choyamba chimagawika ndi 6 malinga ndi zomwe tayerekeza. Ndiye ambiri amangolemba kuti chachiwirinso chimagawika ndi 6, basi amaliza. Yesani k = 1 mupeza 6, k = 2 mupeza 18, k = 3 mupeza 36, zonse zikuvomera. Koma chomwe chikuoneka ndi maso pa 3k(k + 1) ndi 3 yekha, nanga 2 akuchokera kuti? Wochonga akadula malikisi apa sakukuzunzani, mtima wa pulufu yonse uli pa layini imeneyi. Chosowacho ndi chiganizo chimodzi chokha: k ndi k + 1 ndi manambala otsatizana, ndiye mmodzi mwa iwo amagawika ndi 2, choncho k(k + 1) = 2m pa nambala ina yathunthu m, ndipo 3k(k + 1) = 6m.

Njira yogwirira izi ndi kuika chala pa chizindikiro chilichonse cha =, cha > kapena mawu akuti "choncho", nkudzifunsa kuti ichi ndachitenga kuti. Mayankho ovomerezeka ndi ochepa, mwina ndi kutambasula ndi kusonkhanitsa wamba, mwina ndi P(k) yomwe ndayerekeza, mwina ndi kukula kwa k monga k ≥ 5, mwina ndi mfundo ina yomwe inatsimikizidwa kale ndipo nditha kuitchula. Yankho likakhala lakuti "zimangooneka" kapena "ndayesa manambala atatu zatheka", pamenepo ikani kanyenyezi, mubwererepo ndi k = poyambira panu kaye kuti muone ngati layiniyo ili yoona nkomwe. Ikakana, sunthani poyambira kapena konzani chiganizo ngati tinachitira ndi 2ⁿ. Ikavomera pa manambala onse omwe mwayesa, ndiye kuti chikusowa ndi chifukwa chake, ndipo muchilembe pomwepo m'mawu athunthu ngati mmene tachitira ndi 6m.